Akufuna tekinishani wa m'labotale: chilengezocho chiwerengeni ngati ndi 2 koloko usiku

Chilengezo cha ntchito ya tekinishani wa m'labotale pa chipatala cha mishoni sichikhala chachitali. Pamwamba pamakhala dzina la chipatala ndi la mpingo womwe ndi mwini wake, kenaka udindo womwe ukufunika munthu, ndi amene munthuyo azidzayankha kwa iye. Pansi pake pamabwera mndandanda wa ntchito: kutenga ndi kulandira magazi, mkodzo, chimbudzi ndi makhololo, kuyeza malungo ndi chifuwa chachikulu, kuyeza kuchuluka kwa magazi m'thupi, kupeza gulu la magazi ndi kuchita kolosimachi yoona ngati magazi a wopereka akugwirizana ndi a wodwala, kusamala zipangizo ndi mankhwala oyezera, kulemba malipoti, kugwira ntchito usiku ndi pa tchuthi, ndi ka mzere kotsiriza kaja kakuti "ntchito zina zilizonse zomwe mungapatsidwe". Kenaka zoyenereza: dipuloma, kulembetsedwa ku Medical Council of Malawi, zaka ziwiri pa ntchito, ndi kulemekeza chikhulupiriro cha mpingo. Tsiku lotsekera, keyala, basi.

Ambiri omwe amalembera amathamangira ku zoyenereza, aone ngati mapepala awo akukwana. Mndandanda wa ntchito amangoudumphira pamwamba chifukwa zonsezo anaphunzira ku koleji. Koma mndandanda womwewo ukalembedwa ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe kapena cha Queen Elizabeth ku Blantyre, tanthauzo lake ndi lina, ndipo ukalembedwa ndi chipatala cha mishoni chonga Nkhoma, Embangweni, Mua, St Luke's ku Malosa kapena Trinity ku Muona, tanthauzo lake ndi linanso. Ku chipatala chachikulu labotale ili ndi zigawo, ndipo munthu atha kutha miyezi ali pa benchi imodzi. Ku mishoni anthu a ku labu ndi owerengeka, ndipo usiku amene ali pa kolo amakhala yekha. Mizere yonse ija imakumana pa munthu mmodzi, nthawi zina mu ola limodzi. Choncho njira yabwino yomvetsera chilengezocho ndi kutenga usiku umodzi ndi wodwala mmodzi, ndi kuona mzere uliwonse ukugwira ntchito.

Mwana wa makilo 12

Tinene kuti ndi m'dzinja, nthawi yomwe malungo amavuta kwambiri. Cha m'ma 2 koloko usiku kwafika mwana wa zaka zitatu, wolemera makilo 12. Watentha thupi masiku anayi, zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwayera mbuu, ndipo akupuma mwabefu. A kilinishani alemba fomu: Hb, malungo, gulu la magazi ndi kolosimachi. Mlonda wapita kukagogoda ku nyumba ya tekinishani.

Choyamba ndi Hb, muyezo wa kuchuluka kwa magazi m'thupi, chifukwa ndi nambala imeneyi yomwe inene ngati mwanayo athiridwe magazi kapena ayi. M'zipatala zambiri za kumudzi amagwiritsa ntchito kamakina ka HemoCue, komwe kamawerenga dontho limodzi la magazi lomwe lakokedwa m'kapulasitiki kotchedwa kuveti. Ntchitoyi imaoneka ya mwana, koma ndi pomwe manambala abodza amayambira. Chala chipukutidwe ndi sipiriti ndipo chiume kaye, chifukwa sipiriti wotsalira amasungunula dontholo. Madontho awiri kapena atatu oyamba apukutidwe ndi kutayidwa. Chala chisafinyidwe ngati mukukama ng'ombe, chifukwa mukafinya mumatulutsa madzi a m'minofu omwe amasakanikirana ndi magazi, ndipo Hb imatsika kuposa momwe ilili. Kuveti idzazidwe kamodzi, osati kuonjezera kachiwiri, ndipo mukaona kathovu ka mpweya m'kati mwake itayeni mutenge ina. Ngati magazi atengedwa pa mkono womwe pali diripi, nambala yake ndi ya magazi osakaniza ndi madzi a diripiyo.

Makina aonetsa 3.8 g/dL. Malangizo a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO amati mwana yemwe Hb yake yatsika pansi pa 4 athiridwe magazi, ndipo yemwe ili pakati pa 4 ndi 6 athiridwe ngati pali zizindikiro zoopsa monga kubanika. Apa muone kuchepa kwa mpata wolakwitsa. Chala chofinyidwa chitha kusandutsa 6.5 kukhala 5.5, mwana n'kulandira magazi omwe samafunikira, thumba lomwe likanapulumutsa mayi wotaya magazi pobereka m'mawa mwake n'kupita. Nambala yotere siyidikira kuti wina adzatenge pepala. Tekinishani amaimbira ku wodi kapena kupita yekha, n'kulemba m'kaundula nthawi yomwe wanena ndi amene wamuuza.

Gulu la magazi

Mzere wa "kupeza gulu la magazi ndi kuchita kolosimachi" ndi womwe olemba ntchito amaudera nkhawa koposa, ngakhale pa chilengezo umaoneka wofanana ndi inzake. Kulakwitsa kuyeza mkodzo kumachedwetsa chithandizo. Kulakwitsa gulu la magazi kutha kupha munthu thumba lisanafike n'pakati pomwe.

Ndipo nthawi zambiri cholakwikacho sichichitikira m'chubu. Chimachitikira pa cholembera. Wodi ya ana m'dzinja imadzaza, ana awiri pa bedi limodzi, ndipo a Phiri kapena a Banda atha kukhalapo atatu usiku womwewo. Chubu cha magazi chiyenera kulembedwa pambali pa bedi, magazi atangotengedwa, dzina lonse, nambala ya wodwala, wodi, tsiku ndi nthawi. Chikafika ku labu chopanda dzina, kapena dzina la pa chubu likasiyana ndi la pa fomu ngakhale pang'ono, tekinishani amachibweza kuti atengenso ena. Anamwino amakwiya, makamaka ngati mtsempha wa mwanayo unavuta kupeza. Koma kulemba dzina pa chubu chomwe simunaone chikudzazidwa, chifukwa choti wina wakuuzani kuti "ndi cha mwana uja", n'kulola kuti zonse zomwe muchite pambuyo pake zikhale zolondola pa magazi a munthu wolakwika. Chilengezo chikamati akufuna munthu wotha kugwira ntchito popanda womuyang'anira, mbali ina chikunena za munthu wotha kukana chubu chotere mwaulemu, ali yekha, pamaso pa anzake omwe adye nawo nsima mawa.

Chubu chili bwino. Tekinishani achizunguza mu sentirifuji kuti maselo ofiira akhale pansi, madzi ake otchedwa seramu pamwamba. Atsuka maselowo ndi salaini ndi kuwasungunula kuti akhale pakati pa 3 ndi 5 pa 100 alionse. Akachuluka kwambiri, kugwirana kofooka sikuoneka. Akachepa kwambiri, simuona kanthu bwinobwino. M'machubu atatu aika mankhwala atatu: anti-A wobiriwira ngati thambo, anti-B wachikasu, ndi anti-D wopanda mtundu, kenaka dontho la maselo a mwana m'chubu chilichonse. Mankhwala ayambe kulowa, maselo pambuyo, chifukwa mukayamba ndi maselo simungadziwe ngati mwaiwala kudonthezera anti-D, ndipo munthu wa Rh pozitivu mumulemba kuti ndi negetivu. Akazunguza pang'ono ndi kugwedeza mofatsa, mwa anti-A maselo amwazika bwinobwino, mwa anti-B agwirana timibulu, mwa anti-D agwirananso. Mwanayo ndi B pozitivu.

Koma iyi ndi theka la ntchito. Pamafunika kutsimikiza kuchokera mbali inayo: seramu wa mwana asakanizidwe ndi maselo odziwika a gulu A ndi a gulu B. Munthu wa gulu B amakhala ndi chitetezo cholimbana ndi A, choncho maselo a A ayenera kugwirana, a B ayi. Mbali ziwirizi zikagwirizana, gulu latsimikizika. Zikasemphana, simusankha yomwe yakusangalatsani. Mumabwereza ndi maselo otsukidwa bwino, ndipo ngati nthawi palibe mumapereka maselo a gulu O kufikira nkhaniyo itamveka. Pa makanda a miyezi yosakwana inayi mbali yachiwiriyi siyidalirika, chifukwa thupi lawo limakhala lisanayambe kupanga chitetezo chakechake. Funso limeneli limakonda kubwera pa intavyu.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimanamiza maso. China ndi maselo omwe amangosanjikizana ngati makobidi, zomwe zimachitika mwa odwala ena omwe mapuloteni achuluka m'magazi mwawo. Mukachotsa seramu n'kuikamo salaini, kusanjikizana kumeneku kumatha, pomwe kugwirana kwenikweni sikutha. China ndi kuzizira. Labu ya malo okwera ngati Livingstonia kapena Dedza usiku wa mu Juni imazizira kwambiri, ndipo magazi a anthu ena amagwirana okha akazizidwa. Chubu chikatenthetsedwa kufika madigiri 37, kugwirana kotere kumamasuka.

Mu fuliji muli chiyani

Tsopano tekinishani atsegula fuliji ya magazi. Magazi ambiri amachokera ku Malawi Blood Transfusion Service, bungwe lomwe limatolera magazi kwa anthu ongodzipereka, kuwayeza ndi kuwagawa ku zipatala. Koma mtunda wochoka ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu kukafika ku mishoni ndi wautali, ndipo magazi amachepa sukulu zikatsekera, chifukwa ambiri opereka ndi ophunzira. Tchuthi cha Disembala chimakumana ndi chiyambi cha nyengo ya malungo. Tinene kuti usiku uno B palibe. Pali thumba limodzi la A pozitivu ndi thumba limodzi la maselo ofiira okhaokha a O pozitivu.

La A lisakhudzidwe n'komwe, chifukwa seramu wa mwanayo waonetsa kale kuti amaphwanya maselo a A. La O ndi lotheka, ndipo ndi mwayi kuti ndi la maselo okhaokha. Mawu oti "O amapereka kwa aliyense" ndi oona pa maselo, osati pa madzi a magaziwo. Thumba la O la magazi athunthu lili ndi pulazima wodzaza chitetezo cholimbana ndi A ndi B yemwe, ndipo m'thupi laling'ono la makilo 12 chitetezo chimenecho chitha kuphwanya maselo a mwanayo, omwe ndi ochepa kale. Ngati lomwe lilipo ndi la magazi athunthu lokha, tekinishani amawauza a kilinishani kuti adziwe chomwe akupereka.

Kuchuluka kwake amalemba ndi a kilinishani, koma tekinishani ayenera kudziwa masamuwo kuti agwire cholakwika. Maselo okhaokha amaperekedwa mamililita 10 pa kilo iliyonse, ndiye kwa mwanayu ndi 120. Magazi athunthu ndi mamililita 20 pa kilo, ndiye 240. Fomu ikati 240 koma thumba ndi la maselo okhaokha, mwanayo alandira kawiri muyezo wake, ndipo mtima womwe watopa kale utha kulephera. Thumba la munthu wamkulu la magazi athunthu limakhala ndi pafupifupi mamililita 450, choncho pomwe palibe timatumba ta ana pamafunika kulemba pa thumbalo mooneka bwino kuchuluka komwe kuperekedwe. Thumba likabooledwa, zotsalazo sizisungidwa kupitirira maola 24.

Asanalitenge, thumbalo aliyang'ana pa kuwala. Aona tsiku lothera ntchito, lomwe pa matumba a CPDA-1 limafika patatha masiku 35 chitengereni. Alifinya pang'ono kuona ngati likudontha. Pulazima wofiirira akusonyeza kuti maselo aphwanyika. Magazi akuda mopita ku mtundu wa nthudza, mibulu kapena thovu zikusonyeza kuti mwalowa tizilombo. Thumba lotere silipita ku wodi ngakhale litakhala lomaliza.

Kolosimachi

Gulu likadziwika, n'chifukwa chiyani kuchitanso kolosimachi? Chifukwa ABO ndi Rh si magulu okhawo. Munthu yemwe analandirapo magazi, kapena mayi yemwe anakhalapo ndi pakati, atha kukhala ndi chitetezo cholimbana ndi zizindikiro zina za pa maselo zomwe mabotolo atatu aja saziona. Ana a matenda a siko selo, omwe amathiridwa magazi kawirikawiri, ndi omwe amavuta kwambiri pa mfundo imeneyi, choncho funso loti "analandirapo magazi?" liyenera kuyankhidwa pa fomu.

Tekinishani adula kachidutswa ka paipi ya thumba, osaboola thumba lenilenilo, atsuka maselo ake ndi kuwasungunula monga poyamba. M'chubu aika madontho awiri a seramu wa mwana ndi dontho limodzi la maselo a m'thumba. Akazunguza nthawi yomweyo ndi kuyang'ana, amagwira kusemphana kwa ABO, ndipo apa ndi pomwe thumba lolembedwa molakwika limaululika. Kenaka chubu chikhale pa madigiri 37 kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, kapena pafupifupi 15 ngati pali madzi ofulumizitsa otchedwa LISS. Akatero atsuka maselowo katatu ndi salaini, aonjezera madontho awiri a AHG, mankhwala omwe amagwiranitsa maselo omwe chitetezo chawamatirira, azunguza ndi kuyang'ananso.

Kutsuka katatu kuja ndi komwe munthu wotopa amadulira njira, ndipo chilango chake sichioneka. Seramu wotsalira pang'ono chabe amamaliza mphamvu ya AHG asanafike pa maselo, ndiye chubu chimaoneka choyera, ngati magazi agwirizana, pomwe sanagwirizane. Njira yodziwira ndi kudonthezera maselo oyesera a Coombs m'chubu chilichonse chomwe chaoneka choyera. Ayenera kugwirana. Akapanda kugwirana, ndiye kuti AHG anafa kapena anaiwalika, ndipo ntchito yonse ibwerezedwe. Chinanso: seramu akasanduka wofiira chubu chitatenthetsedwa, kumeneko si kugwirizana ngakhale palibe timibulu. Maselo aphulika, ndipo ndi chizindikiro choipa kuposa timibuluto.

Zonsezi zimatenga pafupifupi ola. Ngati a kilinishani aona kuti mwanayo safika ola, atha kupempha magazi atangodutsa gawo loyamba lija, n'kusayinira kuti asankha kutero. Tekinishani amatulutsa thumbalo koma amapitiriza kolosimachi mpaka kumapeto, ndipo akaona vuto amathamangira ku wodi kukaimitsa.

Mphindi 30 zodikira

Chubu chili m'madzi ofunda, ndipo nthawi imeneyi ndi ya malungo. Kachipangizo koyezera mwachangu kaonetsa mizere iwiri, koma kwa mwana wogonekedwa zimenezo sizikwana. Kamayang'ana puloteni ya kachilombo yotchedwa HRP2, yomwe imatsalira m'magazi masabata angapo munthu atachira. Mwana yemwe anamwa LA masabata awiri apitawo atha kuonetsa mizere iwiri pomwe chomwe chikumudwalitsa lero ndi china. Silaidi ndi yomwe imanena ngati tizilombo tilipo panopa, ndi kuchuluka kwake.

Dontho lochindikala lipakidwe pa silaidi yoyera mwakuti zilembo za pa nyuzipepala zizioneka movutikira kupyola m'magaziwo. Liume bwino, koma lisakhudzane ndi methanolo, chifukwa pa dontho lochindikala timafuna maselo ofiira asungunuke kuti tizilombo tionekere. Methanolo ndi wa mpako wopyapyala wokha. Utoto wa Giemsa wa 10 pa 100 umafuna mphindi 10, wosungunulidwa ndi madzi a pH 7.2. Madzi a pa mjigo kapena a pa mpopi amasintha mtundu, silaidi n'kufiira kapena kudera, ndipo kadontho kofiira ka kachilombo sikasiyananso ndi zinyalala za utoto. Utoto wosungunula kale usagone. Usungunulidwe wokwanira nthawi imeneyo.

Pa maikulosikopu, ndi diso la 100 ndi dontho la mafuta, tekinishani awerenga tizilombo pamodzi ndi maselo oyera mpaka maselo oyera akwane 200. Tinene kuti wapeza tizilombo 1,500. Masamu ake ndi awa:

```
1500 ÷ 200 × 8000 = 60000 / µL
```

Nambala ya 8,000 ndi chiyerekezo cha maselo oyera mu maikulolita imodzi. Ngati makina owerengera maselo akugwira ntchito, nambala yeniyeni ya mwanayo ndiyo yabwino. Phindu la kuwerenga chonchi, kusiyana ndi kungolemba mitanda itatu, limaoneka mawa ndi mkuja: silaidi yachiwiri imasonyeza ngati mankhwala akugwira. Ndipo silaidi siyilembedwa kuti mulibe tizilombo munthu asanayang'ane malo osachepera 100.

Kolosimachi yatha, magazi agwirizana. Tekinishani alemba pa thumba dzina la mwana, nambala yake, gulu lake ndi nambala ya thumba, zomwezonso m'kaundula. Namwino wodzatenga awerenga mokweza, tekinishani akutsatira pa fomu, onse n'kusayina ndi kulemba nthawi. Kuyambira apo, magazi ayambe kulowa m'thupi pasanathe mphindi 30 ndipo athe pasanathe maola anayi. Thumba lomwe lakhala pa tebulo la m'wodi kupitirira mphindi 30 silibwereranso mu fuliji ngati kuti silinatuluke. Mwana akayamba kunjenjemera, kutentha thupi kwambiri kapena kukodza mkodzo wakuda, magazi amaimitsidwa, ndipo thumba ndi paipi yake, magazi atsopano ochokera mkono winawo ndi mkodzo zimabwerera ku labu. Chofufuza choyamba ndi mapepala ndi maina, machubu pambuyo.

Bwanji mu fuliji mukadakhala mulibe kanthu? Apa ndi pomwe achibale amafunsidwa kupereka, ndipo ntchito ya bungwe lonse la magazi imagwera tekinishani yemweyo: kufunsa mafunso, kuyeza sikelo ndi Hb ya woperekayo, kupeza gulu lake, kuyeza HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, ndi chindoko, kenaka kukhetsa. Vuto lake n'lakuti wachibale yemwe banja lonse likumuyang'ana sanena zoona mosavuta pa mafunso a moyo wake, ndipo zoyezera mwachangu sizigwira matenda omwe munthu wangowatenga kumene. Amalume a mwanayo akapezeka ndi kachilombo, tekinishani sanganene zimenezo pa khonde pomwe abale akudikira. Mawu akuti "wosunga chinsinsi" pa chilengezo amayesedwa pamenepa, m'dera lomwe aliyense amadziwana ndipo amakumana ku tchalitchi Lamulungu.

Mizere yosasangalatsa

Usiku umenewu watheka chifukwa cha ntchito zomwe pa chilengezo zimaoneka za ukalaliki. Fuliji ya magazi iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 6, ndipo kutentha kwake kumalembedwa pa tchati kosachepera kawiri pa tsiku, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Ikazizira kupyola, maselo amaundana n'kuphulika; ikatentha, tizilombo timaswana. Tchati chomwe chili ndi 4 yekhayekha mwezi wonse, wolembedwa ndi cholembera chimodzi, chimauza woyendera aliyense kuti chinadzazidwa tsiku limodzi. Magetsi akazima, tekinishani ayenera kudziwa amene amayatsa jenereta, ngati fuliji ili pa mzere wa jenereta kapena wa sola, ndi komwe kuli bokosi lozizira. Matumba asagundane mwachindunji ndi mapaketi a ayezi.

Mabotolo a anti-A, anti-B ndi anti-D amayesedwa m'mawa uliwonse ndi maselo odziwika, chifukwa botolo lomwe linagona pa benchi limafooka osasintha mtundu. Mankhwala oyandikira kutha ntchito aikidwe kutsogolo, ndipo oda ipite katundu asanathe, poganizira kuti galimoto ya chipatala sipita m'tauni tsiku lililonse. Magazi akatayikira pa benchi amathiridwa kolorini wa 0.5 pa 100: ngati muli ndi Jik wa 3.5 pa 100, ndi muyezo umodzi wa Jik pa miyezo 6 ya madzi, wosungunula tsiku lomwelo. Bokosi la singano limatsekedwa likadzaza magawo atatu mwa anayi. Wobayidwa ndi singano ayambe mankhwala a PEP mwamsanga, asanadutse maola 72, ndipo wolowa ntchitoyi asanabayitse katemera wa chiwindi cha mtundu wa B afunse za katemerayu sabata yoyamba.

Za makhololo ndi makina a GeneXpert, za madontho ouma a magazi omwe amatumizidwa pa njinga zamoto kukayezetsa kuchuluka kwa kachilombo ka HIV, ndi za malipoti a pa mwezi, ndi ntchito za masana, ndipo zili ndi malamulo akeake olembedwa pa khoma la labu iliyonse.

Mapepala

Udindo wa m'labotale uli ndi makwerero, ndipo chilengezo chimatchula limodzi mwadala. Wothandizira amakhala ndi satifiketi, tekinishani ndi dipuloma, tekinolojisiti ndi digiri. Dipuloma yomwe imatchulidwa kawirikawiri ndi ya sayansi ya zoyezayeza za chipatala, monga ya ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo College of Health Sciences ku Thyolo. Wa digiri ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ku Mzuzu University atha kulembera, koma adziwe kuti malipiro amatsata giredi ya udindo womwe walengezedwa, osati pepala lomwe wabwera nalo, ndipo oyesa amadzifunsa ngati munthuyo akhalitse kumudzi.

Kulembetsedwa ku Medical Council of Malawi si chokometsera. Popanda icho munthu saloledwa kutulutsa zotsatira za odwala, ndipo chilolezo chogwirira ntchito chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Tumizani kope ya satifiketi yolembetsera pamodzi ndi umboni woti chilolezo cha chaka chino chilipo. Kalata zambiri zimagwa pa sefa yoyamba pa chifukwa chimenechi, wina asanawerenge n'komwe zina zonse. Amene anaphunzira kunja, kaya ku Zambia kaya kwina, ayambe wadutsa ku khonsoloyi asanalembere.

Za zaka ziwiri pa ntchito, musangolemba kuti munagwira ku chipatala chakuti. Lembani mabenchi omwe munakhalapo, makina omwe munagwiritsa ntchito ndi maina awo, ngati munakhalapo pa kolo nokha, ndi ngati munakhetsapo magazi kwa opereka. Wongomaliza kumene alembe zomwezo za nthawi yomwe anali pa maphunziro a m'chipatala kapena pa ntchito yongodzipereka, osakokomeza, chifukwa zipatala zina zimakupatsani silaidi kapena machubu pa tsiku la intavyu. Mwa anthu atatu okuchitirani umboni, mmodzi akhale yemwe anakuyang'anirani pa benchi, ndipo muwadziwitse kuti foni itha kulira.

Mzere wa chikhulupiriro umasiyana malinga ndi mpingo. Ena amangofuna kuti mulemekeze mapemphero a m'mawa ndi malamulo a pa mishoni, ena amapempha kalata ya abusa kapena ansembe. Ku zipatala za Seventh-day Adventist ndondomeko ya sabata imazungulira Sabata, ngakhale odwala mwadzidzidzi amathandizidwa tsiku lililonse. Werengani mawu enieni omwe alembedwa, ndipo ngati apempha kalata, iikeni.

Pali funso lomwe chilengezo sichiyankha nthawi zambiri: malipiro achokera kuti? Zipatala za mishoni zili pansi pa Christian Health Association of Malawi, CHAM, ndipo mwa mgwirizano wake ndi boma, malipiro a ogwira ntchito omwe ali pa maudindo ovomerezeka amachokera ku boma. Koma chipatala chitha kulembanso munthu ndi ndalama zake, kapena za pulojekiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Dzina la udindo ndi lomwelo, koma kukhazikika kwake, penshoni ndi mwayi wokwezedwa n'zosiyana. Funsani pa intavyu, ndipo muonetsetse kuti yankho lalembedwa m'kalata yokulembani ntchito. Funsaninso kuti m'labu muli anthu angati omwe amalowa pa kolo. Akakhala anayi, ndi sabata imodzi pa mwezi. Akakhala awiri, ndi theka la usiku wonse wa chaka, ndipo mnzanuyo akapita ku tchuthi kapena ku maliro, foni ndi yanu. Funsani ngati nyumba ili m'kati mwa mishoni, chifukwa kolo ya munthu wokhala makilomita atatu kuchoka pa chipatala, mvula ikugwa, imaonjezera theka la ola pa mwana uja. Za alawansi ya kolo ndi tsiku lopuma pambuyo pake zimvekenso musanasayine.

Kalata ipite ku keyala yomwe ili pa chilengezo, dzina la udindo litalembedwa pa envulopu kapena pa mutu wa imelo, ndi makope okha, osati masatifiketi enieni. Zilengezo zambiri masiku ano zimayenda pa WhatsApp zitajambulidwa, ndipo zina ndi zakale kapena zosinthidwa nambala ya foni. Chomwe chikupempha ndalama ya fomu kapena ya intavyu kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba ndi cha akuba. Pezani nambala ya ofesi ya chipatalacho kuchokera kwina, osati pa chithunzicho, muimbe ndi kufunsa ngati udindowo ulipodi ndi tsiku lomwe akutsekera.